Rimoti imodzi pa kanema, dikoda ndi sabuwufa: mafunso ndi mayankho

Kodi rimoti iliyonse yolembedwa Universal ingayendetse zipangizo zitatu zonsezi?

Ayi. Marimoti ambiri ogulitsidwa m'misika ndi a kanema basi. Amadziwa makanema a mitundu yambiri, koma dikoda ndi sabuwufa sazidziwa. Musanapereke ndalama, yang'anani pamwamba pa rimotiyo ngati pali mabatani osankhira chipangizo. La kanema limalembedwa TV, la dikoda limalembedwa SAT, STB kapena CBL, ndipo la zokuzira mawu limalembedwa AUD, AMP kapena AUX. Pa marimoti ena pamakhala batani limodzi la MODE lomwe mumadina kuti kagetsi kasunthe kuchoka pa chipangizo china kupita pa china. Ngati palibe chilichonse mwa izi, rimotiyo ndi ya chipangizo chimodzi.

Chinthu chachiwiri, chomwe ine ndimachiwerengera kuposa kuchuluka kwa makhodi olembedwa pa katoni, ndi mawu akuti Learning. Rimoti yotere imatha kukopera zizindikiro kuchokera ku rimoti yakale. Masabuwufa ambiri omwe ali m'nyumba zathu ali ndi mayina omwe sapezeka m'kabuku ka makhodi kalikonse, choncho popanda kukopera mudzangokhalabe ndi marimoti awiri patebulo.

Rimoti imalankhula bwanji ndi chipangizo, ndipo khodi ndi chiyani?

Kutsogolo kwa rimoti kuli kababu komwe kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso, kotchedwa infuraredi. Mukadina batani, kababuko kamathwanima mofulumira kwambiri motsatira ndondomeko inayake, ndipo kadiso ka pa kanema kamawerenga kuthwanimako. Makampani sanagwirizane pa ndondomeko imodzi. Ya NEC, yomwe ili m'zipangizo zambiri zotchipa, imathwanima ka 38,000 pa sekondi. Ya RC-5 ya Philips ndi ka 36,000, ya Sony ndi ka 40,000, ndipo kasanjidwe ka zizindikiro nakonso n'kosiyana. Khodi ya manambala atatu kapena anayi yomwe mumalowetsa ndi nambala chabe ya gulu la zizindikiro zomwe zinasungidwa kale m'rimotimo. N'chifukwa chake khodi ya Samsung pa rimoti ya One For All singagwire pa rimoti ya GE. Kampani iliyonse ya marimoti inapereka manambala akeake.

Koma chofunika kuchisunga m'mutu ndi ichi: rimoti ya infuraredi imangotumiza, siyankhidwa. Sidziwa ngati kanema wayaka kapena ndi wozima, sidziwanso ngati chizindikiro chafika. Mavuto ambiri omwe ali m'munsimu amachokera pamenepa.

Ndiyambire pati?

Yambirani kuseri kwa kanema, rimoti idikire kaye. Onani kumene waya wa mawu wopita ku sabuwufa wachokera, chifukwa ndi waya ameneyu amene akuuzeni chipangizo choyenera kusunga voliyumu.

Ngati mawu akuchokera pa kabowo ka mahedifoni ka kanema, pa makanema ambiri voliyumu ya kanemayo imakweza ndi kutsitsanso mawu otuluka pamenepo. Zikatero ntchito yachepa. Siyani voliyumu ya sabuwufa pamalo amodzi, ndipo rimoti iziyendetsa voliyumu ya kanema.

Ngati mawu akudutsa pa waya wa Optical, uja wotulutsa kuwala kofiira kumapeto, pa makanema ambiri mphamvu ya mawu imakhala yosasintha. Mukhoza kudina voliyumu ya kanema mpaka chala kuwawa, masipika sasintha kanthu. Apa rimoti iyenera kulankhula ndi chokuzira mawucho mwachindunji.

Ngati mawaya ofiira ndi oyera achokera ku dikoda kupita ku sabuwufa, ndiye kuti muli ndi mavoliyumu atatu: ya dikoda, ya kanema ndi ya sabuwufa. Uku ndiye kulumikiza komwe kumasokoneza anthu kwambiri. Mwana akatsitsa voliyumu ya dikoda, wamkulu amakweza ya sabuwufa mpaka kumapeto kuti amve nkhani, masipika n'kuyamba kulira mluzu wa siii. Mawa wina akakweza ya dikoda, nyumba yonse imanjenjemera. Kwezani voliyumu ya dikoda pafupifupi mpaka kumapeto, muisiye pomwepo, ndipo muiwaleko. Tsitsani ya kanema kufika pa 0 kapena muzimitse masipika ake mu menyu. Yotsala, ya sabuwufa, ndiyo yokha izikhudzidwa.

Khodi ndiilowetsa bwanji?

Yatsani chipangizocho ndi batani lake kapena ndi rimoti yakale. Pezani dzina lake m'kabuku, pa gawo loyenera, chifukwa kampani imodzi ikhoza kukhala ndi makhodi ena pa makanema ndi ena pa zokuzira mawu. Pa marimoti a GE ndi Philips ogwiritsa ntchito batani la SETUP, ndondomeko yake ndi iyi:

```
SETUP (gwirani mpaka kagetsi kofiira kayake)
TV
manambala 4 a khodi (kagetsi kazima)
```

Pa marimoti amenewa tsegulani ka chitseko ka mabatire kaye. Mupezamo zilembo monga CL3, CL4 kapena CL5, zomwe zikusonyeza mndandanda wa makhodi woyenera rimoti yanu. Khodi yochokera pa mndandanda wina idzakanidwa kapena idzayendetsa chinthu china.

Marimoti ambiri a One For All amagwiritsa ntchito batani la MAGIC. Mumaligwira mpaka kagetsi kaphethire kawiri, mumasankha chipangizo, kenako mumalemba khodi. Kakaphethiranso kawiri ndiye kuti khodi yalandiridwa. Kakayaka kamodzi motalika, yakanidwa. Pa marimoti otchipa a m'misika nthawi zambiri mumagwira SET pamodzi ndi batani la chipangizo, ndipo makhodi ake amakhala a manambala atatu. Katsatidwe ka mabatani kamasiyana pang'ono pakati pa mitundu ya marimoti a kampani imodzi yomweyo, choncho kapepala kobwera ndi rimoti yanu ndi kamene kali ndi mawu omaliza.

Mukamaliza kanema, bwerezani zomwezo pa dikoda podina SAT kapena STB, ndiponso pa zokuzira mawu podina AUD kapena AUX. Chitani chipangizo chimodzi mpaka chitheke musanapite ku chinzake.

Kanema wazima nditadina POWER. Ndiye kuti khodi ndi yolondola?

Musafulumire kusangalala. Makhodi angapo a kampani imodzi amafanana pa POWER ndi voliyumu koma amasiyana pa mabatani ena. Yatsaninso kanemayo muyese INPUT kapena SOURCE, MENU, mivi inayi, OK, EXIT, MUTE ndi manambala onse. Batani lomwe limakonda kukanika ndi INPUT, komanso ndi lomwe mudzalifune kwambiri tsiku lomwe mwana wasintha kanema kuchoka pa HDMI 1, pa sikirini n'kulembedwa No Signal. Ngati limeneli silikugwira, yesani khodi yotsatira pa mndandanda.

Pa dikoda yesani batani la ndandanda ya mapulogalamu, la i kapena INFO, mabatani a mitundu inayi, ndiponso oimitsa ndi kubweza ngati dikoda yanu imajambula. Khodi yomwe yagwira mabatani ambiri ndiyo musunge, otsalawo mudzawakopera.

Dzina la kanema wanga mulibe m'kabuku. Nditani?

Gwiritsani ntchito njira yofufuza, yomwe m'kabuku imalembedwa Code Search kapena Auto Search. Rimoti imatumiza chizindikiro cha khodi imodzi, kenako ina, mpaka chipangizo chiyankhe. Marimoti ena amatumiza POWER, ndiye mumadikira kuti kanema azime. Ena amatumiza voliyumu, ndiye mumadikira kuti kamzere ka voliyumu kaoneke pa sikirini. Chikangoyankha mumadina batani losungira.

Vuto lodziwika ndi kupitirira. Makanema amakono amachedwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti azime, ndipo pofika nthawi yomwe mwadina kusunga, rimoti imakhala itapita kale pa khodi ina. Zikachitika mudzaona kuti kanema anazima bwinobwino pofufuza, koma tsopano palibe batani lomwe likugwira. Bwerezani, ndipo ulendo uno sankhani kufufuza kwa pamanja, komwe inuyo mumadina batani pa khodi iliyonse. Muziwerenga mpaka pa 3 musanadinenso. Zimatopetsa, makhodi ake ndi mazana, koma ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Pofufuza, phimbani kadiso ka zipangizo zina ndi kakatoni, kapena muzizimitse pakhoma. Zipangizo zotchipa zambiri zimagwiritsa ntchito ndondomeko ya NEC, ndipo si zachilendo kuona sabuwufa ikusintha kuchoka pa AUX kupita pa wailesi chifukwa cha chizindikiro cha kanema.

Khodi yopezeka mofufuza simuiona, choncho ifunseni rimotiyo. Pa One For All zambiri mumasankha chipangizo, mumagwira MAGIC, mumalemba 990, kenako mumadina 1 ndi kuwerenga kuphethira kwa kagetsi kuti mudziwe nambala yoyamba, 2 ya nambala yachiwiri, mpaka yomaliza. Kakapanda kuphethira ndiye kuti nambalayo ndi 0. Lembani makhodi atatu onsewo pa kapepala, mukamate mkati mwa ka chitseko ka mabatire.

Nanga madikoda a DStv, GOtv, Zuku, Azam ndi Kiliye Kiliye?

Marimoti opangidwira misika ya ku Ulaya kapena ku America kawirikawiri sakhala ndi mayina amenewa. Yang'anani pa DStv ndi pa MultiChoice, kenako mutembenuze dikodayo muone dzina la kampani yomwe inaipanga, chifukwa nthawi zina khodi imabisala pa dzina limenelo. Mukaisowa musataye nthawi yambiri mukufufuza. Dikoda ndi chipangizo chomwe rimoti yake imapezeka mosavuta, ngakhale yobwereka kwa aneba omwe ali ndi dikoda yofanana, ndipo kukopera mabatani ake kumapereka zotsatira zodalirika.

M'nyumba zomwe muli madikoda awiri a DStv olumikizidwa pa XtraView, dikoda iliyonse ikhoza kukhala itaikidwa kuti izimvera zizindikiro zakezake, kuti rimoti imodzi isamasinthe matchanelo pa onse awiri. Mukalowetsa khodi ya DStv koma dikoda osayankha, chifukwa chake chikhoza kukhala chimenechi. Koperani kuchokera ku rimoti yomwe ikuyendetsa dikoda imeneyo panopa.

Kukopera kuchokera ku rimoti yakale kumachitika bwanji?

Ikani marimoti awiriwo patebulo, mitu itayang'anizana, motalikirana masentimita 2 mpaka 5. Onse akhale ndi mabatire amphamvu. Chitirani pamalo opanda dzuwa, ndipo musakhale pansi penipeni pa babu lowala kwambiri, makamaka la chubu kapena lopindikapindika lija, chifukwa kuwala kwake kumasokoneza kadiso ka rimoti. Pa One For All zambiri ndondomeko imayenda motere:

```
MAGIC (gwirani, kagetsi kaphethire kawiri)
9 7 5
sankhani chipangizo
VOL+ pa rimoti yatsopano
VOL+ pa rimoti yakale
MAGIC (gwirani kuti musunge)
```

Musanatuluke mukhoza kupitiriza ndi mabatani ena, limodzilimodzi. Malo osungira ndi ochepa, choncho yambani ndi ofunika. Pa sabuwufa ndi anayi kapena asanu okha: POWER, VOL+, VOL-, MUTE, ndi losinthira pakati pa AUX, USB ndi Bluetooth.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimavuta. Choyamba, voliyumu ikhoza kumakwera kamodzi kokha ngakhale mutagwirira batani. Apa ndiye kuti pokopera munangogunda batani lakale mwachangu, ndipo rimoti sinamve chizindikiro chobwereza. Koperaninso mutaligwira mpaka kagetsi katsimikize. Chachiwiri chimachitika pa zipangizo za ndondomeko ya RC-5 ndi mng'ono wake RC-6. Rimoti yeniyeni imasintha kachidutswa kamodzi ka chizindikiro nthawi iliyonse mukadina, kuti chipangizo chisiyanitse kudina kawiri ndi kugwirira. Rimoti yokopera imasunga mbali imodzi yokha. Mukalemba tchanelo 200, chipangizo chimamva 2 ndi 0 mmodzi, n'kupita pa 20. Mukaona zimenezi, manambala asakhale okopera, afunireni khodi ya m'kabuku.

Ndingatani kuti voliyumu izipita ku sabuwufa ngakhale rimoti ili pa dikoda?

Apa ndi pamene rimoti imodzi imayamba kukhaladi imodzi. Popanda zimenezi mumadina SAT kuti musinthe tchanelo, AUD kuti mutsitse mawu, n'kuiwala kubwerera, kenako mukudabwa kuti tchanelo sikusintha. Mankhwala ake amalembedwa Volume Lock, Master Volume kapena Punch Through. Mumauza rimoti kuti VOL+, VOL- ndi MUTE azipita ku chipangizo chimodzi nthawi zonse. Pa marimoti a GE ndi Philips aja:

```
SETUP (gwirani mpaka kagetsi kayake)
AUD kapena AUX
MUTE
VOL+
```

Pa One For All zambiri mumagwira MAGIC, mumalemba 993, n'kusankha chipangizo cha mawu. Mukatero siyani rimoti pa SAT. Matchanelo apita ku dikoda, mawu apita ku sabuwufa, ndipo batani la TV muzilikhudza poyatsa ndi pozimitsa basi.

Mungapereke chitsanzo cha nyumba imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tiyerekeze pabalaza pali kanema wa Hisense, dikoda ya DStv yolowa pa HDMI 1, ndi sabuwufa yopanda dzina lodziwika yomwe ikulandira mawu pa mawaya ofiira ndi oyera kuchokera ku dikoda. Marimoti akale onse atatu alipo, ngakhale ya sabuwufa yamangidwa ndi labala kuti chitseko cha mabatire chisagwe. Rimoti yatsopano ndi One For All yotha kukopera.

Poyamba tigwiritsa ntchito marimoti akale. Voliyumu ya dikoda ikwere pafupifupi mpaka kumapeto, ya kanema itsike pa 0, sabuwufa ikhale pa AUX. Kenako tilowetsa khodi yoyamba ya Hisense. Tinene kuti POWER ndi voliyumu zagwira koma INPUT yakana. Tiyesa yachiwiri, INPUT yatsegula mndandanda wa HDMI 1, HDMI 2 ndi AV, mivi ndi OK zikuyenda. Imeneyo tiilemba pa kapepala.

Pa dikoda, khodi ya pa dzina la DStv yagwira manambala, mivi ndi OK, koma ndandanda ya mapulogalamu sikutseguka. Sitisintha khodi chifukwa cha batani limodzi. Tilowa pa 975, tisankha dikoda, n'kukopera batani limenelo lokha kuchokera ku rimoti ya DStv.

Sabuwufa mulibe m'kabuku. Marimoti ena amafuna kuti malo a chipangizo akhale ndi khodi musanakopere, choncho tiika khodi iliyonse ya pa gawo la zokuzira mawu, kenako tikopera mabatani asanu aja pamwamba pake. Pomaliza 993, kusankha sabuwufa. Poyesa, rimoti ili pa dikoda, tidina CH+ ndipo tchanelo isinthe, tidina VOL+ ndipo manambala a pa nkhope ya sabuwufa akwere, pa sikirini osaoneka kamzere kalikonse. Kamzere ka voliyumu kakaoneka pa sikirini ndiye kuti loko sinagwire, zizindikiro zikupitabe ku dikoda kapena ku kanema.

Rimoti ya labala ija musaitaye. Rimoti yatsopano ikadzafufutika, kokopera n'komweko.

Kodi batani limodzi lingayatse zonse zitatu nthawi imodzi?

Inde, ngati rimoti yanu ili ndi Macro kapena Activity. Mumasunga mndandanda wa mabatani, monga TV, POWER, SAT, POWER, AUD, POWER, pansi pa batani limodzi. Pa One For All zambiri khodi yoyambira ndi 995. Mukadina, lozetsanibe rimoti kutsogolo mpaka kagetsi kasiye kuphethira, chifukwa zizindikirozo zimatuluka motsatizana, osati pamodzi.

Koma kunena zoona, m'nyumba zambiri ine sindilimbikitsa zimenezi. Pa zipangizo zambiri POWER ndi chizindikiro chimodzi: chozima chimayaka, choyaka chimazima. Rimoti, monga tanena, sidziwa chomwe chayaka. Magetsi a ESCOM akathima n'kubwera, dikoda ikhoza kudziyatsa yokha pomwe kanema ndi sabuwufa zatsala zozima. Mukadina batani lanu lija, kanema ayaka, sabuwufa iyaka, dikoda izima. Mukadinanso zimangosinthana. Kuti zibwerere m'chimake muyenera kusankha chipangizo chosemphanacho ndi kudina POWER yake payokha, zomwe agogo kapena mlendo sangazidziwe. Njira yosavuta ndi kuchotsa dikoda pa mndandandawo, batani liziyatsa kanema ndi sabuwufa zokha. Musaikemonso INPUT ngati ndi ija yozungulira HDMI 1, HDMI 2, AV, chifukwa tsiku lililonse izikusiyani pena.

Kanema ndi sawundibaa zalumikizidwa pa HDMI ARC. Kodi ndifunikabe khodi ya sawundibaa?

Kawirikawiri ayi. M'waya wa HDMI muli kanjira kotchedwa CEC komwe zipangizo zimatumizirana malamulo. Sawundibaa, chokuzira mawu chachitali chija choikidwa pansi pa kanema, ikalowa pa bowo lolembedwa ARC kapena eARC, voliyumu ya kanema imapita yokha ku sawundibaa, ndipo kanema akazima nayonso imazima. Chofunika ndi kuyatsa CEC mu menyu ya zonse ziwiri. Makampani anaipatsa mayina awoawo: Samsung amati Anynet+, LG amati SimpLink, Sony amati Bravia Sync, Panasonic amati Viera Link, Philips amati EasyLink. Zikatero loko ya voliyumu muiike pa TV.

Chenjerani ndi POWER. Ngati CEC ikuzimitsa sawundibaa, ndipo batani lanu la zonse likutumizanso POWER ya sawundibaa, ikhoza kuzima n'kuyakanso. Sankhani njira imodzi. Waya wa Optical ndi mawaya ofiira ndi oyera alibe CEC, amanyamula mawu okha.

Ndayesa makhodi onse koma palibe chikuchitika. Vuto lingakhale pati?

Tsegulani kamera ya foni, lozetsani rimoti pa kamerayo, mudine batani. Kababu kakuyenera kuoneka kakuthwanima mwa mtundu wotuwira kapena wapepo. Mafoni ena amasefa kuwalaku pa kamera yakumbuyo, choncho yesaninso yakutsogolo. Ngati palibe kuwala, onani mabatire ndi tizitsulo togwira mabatire, tomwe timachita dzimbiri batire likatuluka madzi.

Kenako yesani rimoti yakale chimodzimodzi. Ngati ikuyendetsa chipangizo koma kamera sikuona kuwala, kapena ikugwira ntchito mutaiphimba ndi bulangete, imeneyo ndi ya Bluetooth kapena ya mafunde a wailesi. Timitengo tolowetsa pa HDMI monga Fire TV Stick tili m'gulu limeneli, ndipo tilibe kadiso ka infuraredi. Palibe khodi yomwe ingatifikire mwachindunji, ngakhale tambiri timamvera mivi ndi OK kudzera pa CEC kuchokera ku kanema. Makanema a LG ndi Samsung obwera ndi rimoti yolankhuliramo ija amakhalabe ndi kadiso, ndiye rimoti yanu idzawayendetsa, kungoti cholankhuliramo ndi kamuvi koyendayenda pa sikirini sizidzagwira.

Ngati kuwala kulipo mbali zonse, yang'anani kadiso ka chipangizo. Sawundibaa yoikidwa kutsogolo kwa kanema imakonda kuphimba kadiso ka kanemayo, komwe kamakhala m'munsi. Nsalu zokongoletsera zoyala pa dikoda zimachitanso chimodzimodzi. Ngati rimoti imavuta masana okha, dzuwa la pawindo likuwomba kadisoko.

Ndikasintha mabatire, makhodi afufutika?

Marimoti ambiri abwino amasunga makhodi ngakhale mabatire atachotsedwa. Ena otchipa amaiwala pakangopita mphindi zochepa, choncho khalani ndi mabatire atsopano m'manja musanachotse akale, ndipo sinthani onse pamodzi, osasakaniza latsopano ndi lakale. Mabatire akayamba kufooka, chizindikiro choyamba n'chakuti muyenera kuyandikira kapena kulunjika bwino kuti chipangizo chimve.

Ngati mwasokoneza zinthu mpaka simukudziwa kuti batani liti likupita kuti, fufutani zonse muyambirenso. Pa One For All zambiri mumagwira MAGIC n'kulemba 981. Zimenezi zimachotsa makhodi, zokopera ndi loko ya voliyumu, choncho tsimikizani kaye kuti kapepala ka makhodi ndi marimoti akale zili pafupi.